Zitsanzo zikudutsa, koma sisitimu ikuti 4/10

Sabata yopereka asainimenti maimelo a ophunzira amachuluka, ndipo ambiri ndimayankha n'kuiwala. Koma pali imodzi yomwe sinandichoke m'mutu. Inalembedwa Lachinayi usiku, ine n'kuiwerenga Lachisanu m'mawa mu minibasi, titaima pa mzere wa magalimoto uja wa pa Ginnery Corner. Analemba ndi mtsikana wa chaka chachiwiri, wosayankhulayankhula m'kalasi, amene amakhala kumbuyo pafupi ndi soketi.

"Madamu, ndikhulupirira muli bwino. Pepani ndakulemberani usiku. Khodi yanga ya asainimenti yachiwiri ikudutsa matesiti awiri achitsanzo amene munatipatsa, ndipo pa laputopu panga ikuyenda bwinobwino. Koma ndikaitumiza pa sisitimu ikundipatsa 4/10, enawo ikungolemba `Wrong Answer`. Ndayang'ana mzere ndi mzere, cholakwika sindikuchiona. Mnzanga walemba zomwezi mu Python ndipo wapeza 10/10. Kodi mwina sisitimuyi ili ndi vuto ndi Java? Ngati n'kotheka, mundionetseko tesiti imodzi yokha mwa obisikawo kuti ndidziwe pomwe ndikuphonya. Khodi ndaiika pansipa."

Sisitimu yomwe ankanenayo ndi imene imayesa khodi ya ophunzira ndi matesiti obisika n'kupereka malikisi. Imelo yolembedwa bwino imeneyi. Ananena zomwe amayembekezera, ananena zomwe zinachitika, n'kuikapo khodi yake. Anzake ambiri amangolemba kuti "Madamu sizikutheka" basi, ngati ine ndili ndi laputopu yawo m'chikwama. Komabe chimene anapempha sindinamupatse, ndipo chifukwa chake n'chimene ndikufuna kufotokoza.

## Funso lenilenilo

Asainimentiyo inali yosavuta, moti ena anamaliza asanatuluke mu labu. Pali wogulitsa matumba a chimanga pa pikulitsa. Pulogalamu iwerenge nambala `N`, kutanthauza maoda amene alandira. Kenaka iwerenge mizere `N`, uliwonse wokhala ndi nambala ziwiri: `q`, kuchuluka kwa matumba, ndi `p`, mtengo wa thumba limodzi mu makwacha. Pomaliza isindikize ndalama zonse pamodzi. Pansi pa funsolo panali mizere itatu iyi:

```
1 <= N <= 100000
1 <= q <= 100000
1 <= p <= 200000
```

Chitsanzo choyamba chinali ndi maoda atatu: matumba 10 pa K45,000, matumba 4 pa K52,000, ndi matumba 25 pa K38,000. Mukachulukitsa n'kuphatikiza mupeza K1,608,000. Chachiwiri chinali chaching'ononso chimodzimodzi. Mtima wa khodi ya mtsikanayo unali uwu:

```java
int n = sc.nextInt();
int total = 0;
for (int i = 0; i < n; i++) {
    int q = sc.nextInt();
    int p = sc.nextInt();
    total += q * p;
}
System.out.println(total);
```

Iwerengeni modekha. Lupu ikuyamba pamalo pake, ikuthera pamalo pake. Kuchulukitsa kulipo, kuphatikiza kulipo, palibe mawu owonjezera amene akusindikiza. Munthu akati "ndayang'ana mzere ndi mzere sindikuona cholakwika," apa sakunama. Njira yake ndi yolondola ndithu, n'chifukwa chake mnzake wa Python uja, amene analemba maganizo omwewa, anadutsa osadziwa n'komwe kuti panali dzenje.

## Bwanji osangomupatsa tesiti imodzi?

Ophunzira ena amaganiza kuti timabisa matesiti chifukwa cha nkhanza, kapena kuti tisapereke malikisi ambiri. Chifukwa choyamba n'chodziwikiratu: tikawaonetsa onse, padzapezeka wina wolemba `if` khumi, aliyense n'kusindikiza yankho loloweza, pulogalamu yosawerengera kanthu n'kupeza 10/10.

Koma mtsikanayu sanali wotero, ndipo chifukwa changa chenicheni chinali china. Ndikanamutumizira tesiti yachisanu, akanaona cholakwika nthawi yomweyo, n'kukonza, n'kupeza malikisi ake. Mu asainimenti yachitatu akanalembanso imelo yomweyo. Ndipo akadzamaliza sukulu n'kuyamba kulemba pulogalamu ya malipiro pa kampani ina ku Limbe, kulibe amene adzamusungire faelo ya matesiti obisika. Tesiti yobisika kumeneko ndi kasitomala amene wabwera ndi oda yaikulu kuposa onse amene anabwerapo.

Chinanso, matesiti amenewa si obisika monga mmene dzina lake likumvekera. Ine powalemba sinditola nambala m'mwamba. Ndimayang'ana mizere itatu ya malire ija n'kufunsa kuti chaching'ono kwambiri chololedwa n'chiti, chachikulu kwambiri n'chiti, nanga pakati pali pati pamene khodi yooneka bwino ingathyoke. Aphunzitsi anzanga amene ndinaonapo matesiti awo amachitanso chimodzimodzi. Ndiye wophunzira amene wawerenga malire ali ndi mndandanda wa matesiti anga m'manja, kungoti sanaulembe. Zitsanzo ziwiri zija ntchito yake ndi ina: kuonetsa mmene nambala zilowere ndi mmene yankho lionekere. Timaziika zazing'ono dala kuti munthu azitha kuziwerengera pamanja.

Ndinamuyankha mwachidule ndisanatsike minibasi: "Sisitimu ilibe vuto ndi Java. Tesiti sindikupatsani, koma bwerani ku labu 2 koloko ndi laputopu yanu, mudzailemba nokha."

## Mu labu

Anafika nthawi isanakwane, laputopu ili kale yotsegula, pakona pa sikirini pali selotepi. Ankayembekezera kuti titsegula khodi. Ine ndinati aitseke kaye, atsegule funso, aliwerenge mokweza.

Anawerenga nkhani ya wogulitsa chimanga, n'kuwerenga za `N` ndi mizere yake, kenaka maso ake anadumphira pa chitsanzo.

"Bwererani pang'ono. Mwadumpha mizere itatu."

"Awo ndi malire chabe, Madamu."

"Malire a chiyani?"

"A nambala zomwe zingalowe."

"Chabwino. Ndiye oda imodzi yaikulu kwambiri yomwe funsoli likulola ndi ya ndalama zingati?"

Anatenga foni, n'kulemba 100000 kuchulukitsa ndi 200000. Yankho litabwera anayamba kuwerenga maziro ndi chikhadabo, atatuatatu, kuchokera kumanja. "Mabiliyoni 20."

"Nanga `int` amasunga mpaka zingati?"

Apa anakhala chete. Kenaka anati, motsitsa mawu, "Tinaphunzira chaka chatha. Mabiliyoni awiri ndi china chake." Ndinaona kuti wayamba kuzimva, koma kuzimva m'mutu sikokwanira, ndimafuna azione ndi maso. Ndinamuuza ayendetse pulogalamu yake n'kulowetsa oda imodzi yokha, matumba 30,000 pa K100,000 limodzi, koma asanadinde batani anene yankho lomwe akuyembekezera. Anati mabiliyoni atatu. Analemba:

```
1
30000 100000
```

Pa sikirini panatuluka `-1294967296`.

Anayang'ana kanthawi, kenaka anaseka, kuseka kwa munthu amene wagona mochedwa masiku angapo chifukwa cha chinthu chimodzi. "Ndiye kuti wogulitsayu wagulitsa matumba onsewa n'kutsala ndi ngongole?"

Chimene chinandikhudza si kuseka kwakeko. Ndi choti tesiti imeneyi ndi ya mizere iwiri, analemba yekha pa masekondi ochepa, ndipo zonse zofunika kuti ailembe zinali pa pepala lomwe anali nalo chiyambire sabata. Iye ankabwereza zitsanzo ziwiri zomwe zija, zikudutsa, n'kumabwerezanso, ngati kuti ulendo wina zidzamuuza zatsopano.

## Komwe mayinasi ija inachokera

Mu Java, `int` ali ndi mabiti 32, sasintha kaya muli pa kompyuta yanji. Mabiti 32 angasanjidwe m'njira 4,294,967,296 zokha. Theka la njirazi linapatsidwa kwa nambala za pansi pa ziro, theka linalo kwa ziro ndi nambala za pamwamba pake. N'chifukwa chake `int` amayambira pa -2,147,483,648 n'kulekezera pa 2,147,483,647.

Nanga yankho likapitirira pamenepo? Java saima, sadandaula, salemba uthenga uliwonse. Amasunga mabiti 32 akumunsi, otsalawo n'kutaya. Zili ngati mita ya makilomita ya minibasi yakale ija, yomwe ikafika pa 999999 imabwerera pa 000000 galimoto ikuyendabe. Kusiyana kwake n'koti `int` akapitirira 2,147,483,647 sagwera pa ziro, amagwera pansi penipeni, pa -2,147,483,648, n'kuyambanso kukwera.

Ndiye nambala yomwe inatuluka ija si yachisawawa. Tengani 3,000,000,000, muchotsepo 4,294,967,296, mupeza -1,294,967,296, ndendende zomwe zinali pa sikirini. Mtsikanayo anawerengera yekha pa foni kuti atsimikize.

Mayinasi ndi mwayi, chifukwa aliyense amaona kuti ndalama za malonda sizingakhale pansi pa ziro. Ndinamuuza ayesenso matumba 50,000 pa mtengo womwewo. Yankho loona ndi 5,000,000,000. Pulogalamu inatulutsa `705032704`. Palibe mayinasi, palibe chododometsa, ndi K705 miliyoni yooneka mwaulemu ndithu, yoti munthu akhoza kuilemba mu lipoti n'kusaina. Nambala yazungulira kamodzi n'kudutsa ziro, yabwereranso kumtunda. Amene amangoyang'ana ngati yankho "likuoneka bwino" apa sagwira kanthu. Mpofunika kudziwa yankho loona musanayendetse pulogalamu, ndipo n'chifukwa chake ndinamuumiriza kuti alinene kaye.

Pano ndiikepo mawu anga apambali. Mabuku ambiri amene timaphunzitsira analembedwa kumayiko komwe mabiliyoni awiri ndi ndalama zoti munthu wamba sadzaziwerengapo. Ndi kwacha zinthu n'zosiyana. Ndipo ngati mwatsatira langizo labwino lija losunga ndalama mu matambala kuti mupewe madesimo, `int` wanu amadzaza pa K21,474,836.47. Imeneyo si bajeti ya boma, ndi ndalama zoti bizinesi yapakatikati mu Limbe imatha kuzigwira. Kwa ife kuno malire a `int` ali pafupi kwambiri kuposa mmene mabukuwo amaonetsera.

Za mnzake wa Python uja: nambala zathunthu za Python zilibe malire otere, zimakula malinga ndi malo amene kompyuta ili nawo. Sanali wochenjera kuposa mnzake, ndipo sisitimu sinamukondere. Chiyankhulo chake chinamunyamulira katundu amene Java amamusiyira wolemba.

## 7/10

Anachoka mu labu akudziwa mankhwala ake: `long`, amene ali ndi mabiti 64 ndipo amafika pa 9,223,372,036,854,775,807. Madzulo omwewo kunabwera imelo yachiwiri, yaifupi.

"Madamu, ndasintha `total` kukhala `long`. Tsopano ndi 7/10. Koma tesiti yathu ija ikutulutsabe mayinasi yomwe ija. Ndasokonezeka."

Mbali iyi ndi yomwe imandisangalatsa kwambiri pa funsoli, ndipo ndinaikamo dala. Pali malo awiri osiyana pomwe nambala ingasefukire, ndipo matesiti anga amayesa onse awiri padera.

Malo oyamba ndi pophatikiza. Oda iliyonse payokha ikhoza kukhala yaing'ono, koma maoda akachuluka, chiwerengero chonse chimapitirira malire. Tiyerekeze maoda 100,000, iliyonse ya matumba 10 pa K45,000. Iliyonse ndi K450,000, yokwana bwinobwino mu `int`. Koma pofika pa oda ya 4,773 zonse pamodzi zadutsa kale 2,147,483,647. Yankho loona ndi 45,000,000,000, pomwe khodi yoyamba ija ikanatulutsa `2050327040`, itazungulira kakhumi. Kusintha `total` kukhala `long` kunachiza vuto limeneli, ndipo matesiti atatu owonjezera aja anali a mtundu umenewu.

Malo achiwiri ndi pochulukitsa. Taonaninso mzere uwu:

```java
total += q * p;
```

Maso athu amaona `total` kumanzere n'kuganiza kuti popeza ndi `long`, zonse zili bwino. Java sawerenga choncho. Amayamba ndi `q * p`, ndipo poti onse awiri ndi `int`, kuchulukitsako kumachitikira mu mabiti 32. Mabiliyoni atatu aja amaduka pomwepo n'kukhala -1,294,967,296, kenaka nambala yowonongeka kaleyo ndi imene imakuzidwa kukhala `long` n'kuphatikizidwa. Malo osungira ndi aakulu, koma chomwe chafikamo chinaonongekera m'njira.

Kukonza kwake n'kuonetsetsa kuti mmodzi mwa awiriwo wakhala `long` kuchulukitsa kusanachitike:

```java
total += (long) q * p;
```

Apa `q` amasinthidwa kaye, ndipo Java akaona `long` mbali imodzi amakuzanso `p`, kuchulukitsa n'kuchitikira mu mabiti 64. Mabulaketi akasuntha pang'ono n'kukhala `(long) (q * p)`, mwabwerera pomwe munali, chifukwa za mkati mwa mabulaketi zimayamba kuwerengedwa mu `int`. Ambiri amagwa pamenepa. Njira ina yosavuta kuikumbukira ndi kungowerenga `q` ndi `p` ngati `long` kuyambira pachiyambi, pogwiritsa ntchito `sc.nextLong()`.

Sindinamulembere zonsezi. Ndinangomufunsa kuti `q * p` payekha ndi wa mtundu wanji. Ndinamuuzanso za chida chimodzi chothandiza pofufuza: kuyambira Java 8 pali `Math.multiplyExact` ndi `Math.addExact`, zomwe m'malo mozungulira mwakachetechete zimaimitsa pulogalamu ndi `ArithmeticException`, n'kukuuzani mzere womwe zasefukira. Mukakayikira, ikani zimenezi kwa kanthawi, muyendetse tesiti yaikulu, muone pomwe paphulike.

Funso lomaliza loti adzifunse linali lakuti, kodi `long` nayenso akwana? Izi sitilota, timawerengera. Oda yaikulu kwambiri ndi 20,000,000,000, maoda ochuluka kwambiri ndi 100,000. Kuchulukitsa ziwirizi kukupereka 2 wotsatiridwa ndi maziro 15. Malire a `long` ndi 9 ndi manambala ena 18 pambuyo pake. Malo alipo ambiri. Kuwerengera kumeneku kumatenga mphindi imodzi, ndipo malo ake ndi pa pepala, khodi isanalembedwe.

Loweruka m'mawa sisitimu inaonetsa 10/10 pa dzina lake. Sanalembenso imelo, ndipo sindinayembekezere kuti alembe.

## Kulemba tesiti yaikulu osatopa zala

Tesiti ya oda imodzi ija munthu amalemba pamanja. Ya maoda 100,000 palibe angailembe, ndipo apa ndi pomwe ophunzira ambiri amagwera ulesi n'kungotumiza kuti sisitimu iwayesere. Pa makompyuta a mu labu, omwe ali ndi Linux, ndi mizere iwiri yokha:

```
(echo 100000; yes "10 45000" | head -n 100000) > big.txt
java Main < big.txt
```

Mzere woyamba ukupanga faelo yoyamba ndi 100000, kenaka oda yomweyomweyo kubwerezedwa ka 100,000. Wachiwiri ukuithira mu pulogalamu ngati kuti munthu akulemba pa kiyibodi. Kubwereza oda imodzi kuli ndi ubwino wake: yankho loona mumalidziwa pochulukitsa kamodzi kokha, 450,000 ndi 100,000. Tesiti yaikulu yomwe simukudziwa yankho lake imangokuuzani kuti pulogalamu sinafe, sikuuzani kuti yalondola.

Faelo yomweyi imayankhanso funso lina, la liwiro. Ngati pulogalamu ikutenga masekondi ambiri pa laputopu panu, pa sisitimu idzagwa ndi nthawi.

## Uthenga wa sisitimu umanena zambiri

Mtsikanayu anachita bwino kutchula mawu enieni amene sisitimu inalemba, chifukwa mawuwo amachepetsa malo ofufuza. `Wrong Answer` akutanthauza kuti pulogalamu inayenda mpaka kumapeto, mu nthawi yake, koma zomwe inasindikiza sizikufanana ndi zoyembekezeka. Ngati matesiti oyambirira akudutsa ndipo akumapeto akugwa motere, pa funso lokhala ndi kuphatikiza kapena kuchulukitsa, kusefukira kwa nambala n'koyamba kukayikira, chifukwa kawirikawiri matesiti timawasanja kuyambira aang'ono kupita aakulu.

`Time Limit Exceeded` ndi nkhani ina: yankho mwina likanakhala loona, koma njira yake ndi yaitali. Lupu mkati mwa lupu inzake pa zinthu 100,000 ndi masitepe pafupifupi mabiliyoni 10, pomwe pa chitsanzo cha zinthu zitatu ndi masitepe 9 okha, n'chifukwa chake simunaone kanthu. `Runtime Error` ndiye kuti pulogalamu inafera panjira, kawirikawiri chifukwa chofika pa malo omwe kulibe mu mndandanda, kugawa ndi ziro, kapena kuwerenga ndi `nextInt()` nambala yosakwana mu `int`.

Ndipo ngati matesiti onse akugwa, ngakhale ang'onoang'ono, pomwe pa laputopu zikuoneka bwino, yang'anani zomwe mukusindikiza. Mawu ngati `Enter number:` kapena `Total = ` kwa munthu ndi ulemu, koma sisitimu imafananitsa zilembo, ndipo kwa iyo limenelo ndi yankho lolakwika.

## Si ophunzira okha

Sabata yotsatira ndinafotokoza nkhaniyi m'kalasi, osatchula dzina, ndipo ndinaona ena akuyang'ana pansi. Ndinawauza za Joshua Bloch, mmodzi mwa anthu amene analemba zida zomwe aliyense wa Java amagwiritsa ntchito. Mu 2006 iye analemba poyera kuti khodi yofufuzira mu mndandanda wosanjidwa, yomwe inali mu `java.util.Arrays`, inali ndi vuto lomweli. Popeza pakati pa mndandanda, khodiyo inkalemba `(low + high) / 2`. Mndandanda ukakhala ndi zinthu zoposa biliyoni imodzi, kuphatikiza `low` ndi `high` kumatha kupitirira malire a `int`, yankho n'kukhala la mayinasi. Vutoli linakhala mmenemo zaka pafupifupi 9 lisanaoneke, pa chifukwa chofanana ndi cha mtsikana uja: zonse zomwe anthu ankayesa zinali zazing'ono.

## Mkangano wa mu ofesi

Mnzanga amene timakhala naye ofesi imodzi sagwirizana nane. Iye amati ngati ndikudziwa kuti ophunzira ambiri agwa pa `int`, ndiike chitsanzo chachitatu chokhala ndi nambala zikuluzikulu, kuti aone okha asanatumize. Amati ana ena amagwira ntchito usiku, magetsi akuzimazima, bandulo ikutha, ndiye kuwasiya azunzike ndi chinthu choti mzere umodzi ukanawachenjeza si kuphunzitsa. Mfundo yake ndi yomveka, ndipo kwa a chaka choyamba ndimachita momwemo.

Kwa a chaka chachiwiri ndimakana. Chitsanzo chachitatucho chikanawaphunzitsa kuti asinthe `int` pa funso limeneli. Sichikanawaphunzitsa kuima pa mizere itatu ya malire n'kuchulukitsa. Chimene ndinasintha ndi china. Tsopano pa asainimenti iliyonse ndimalemba kuti amene akufuna kundifunsa za matesiti obisika ndi wolandiridwa, koma mu imelo yake aikemo matesiti atatu olemba yekha: imodzi ya nambala zochepetsetsa zololedwa, ina ya nambala zikuluzikulu pa mzere umodzi, ina ya mizere yochulukitsitsa. Pa iliyonse alembe yankho lomwe wawerengera popanda pulogalamu yake, ndi lomwe pulogalamu yatulutsa. Ambiri akamakonza zimenezi amapeza vuto okha, imelo n'kusatumizidwa.

Koma pangano limeneli lili ndi mbali yanga. Ngati ndikuuza ophunzira kuti matesiti obisika ali mkati mwa malire, ndiye akhaledi mkatimo. Funso likati `1 <= N`, sindiyenera kubisa tesiti ya `N` wofanana ndi 0 n'kumati ndikuwaphunzitsa kusamala. Likati mtengo sudutsa 200,000, pasapezeke mzere wa 250,000. Mafaelo a matesiti amalembedwa ndi anthu, ndipo mphunzitsi aliyense akhoza kusintha malire pa funso n'kuiwala kusintha faelo, kapena kusiya yankho loyembekezeka lomwe linatuluka mu khodi yake yolakwika. Ndiye kukayikira sisitimu, monga anachitira mtsikana uja, si mwano. Kungoti kukayikirako kumafuna umboni.

Wophunzira akandilembera kuti wayesa `N` wa 1, wayesa oda ya 100000 ndi 200000 n'kupeza 20,000,000,000, wayesa mizere 100,000 ndipo yankho lafanana ndi la pamanja, komabe tesiti yachisanu ndi chiwiri ikugwa, ameneyo sindimuitanira ku labu kuti adzawerenge funso mokweza. Ndimatsegula faelo ya tesiti yachisanu ndi chiwiriyo, n'kuyamba kuifananitsa ndi malire amene ndinalemba.